Boma likati “ndalama palibe”, kodi nkhani yathera pomwepo?

Chaka chatha ndinaperekeza mayi anga aang'ono ku chipatala china chaching'ono cha boma chakumudzi kwathu. Tinafika kusanawale bwino, tinapeza mzere wafika kale pamtengo wa mango. Cha m'ma 11 koloko adokotala anawaona, nawalembera mankhwala a kuthamanga kwa magazi m'kabuku kawo. Pawindo lolandirira mankhwala mtsikana amene analipo anangoyang'ana kabukuko n'kukabweza. “Amenewa atha, mayi. Mukagule ku famase.” Famase yapafupi ili pa mtunda wolipira kabaza, ndipo mayiwo anali ndi ndalama yongokwanira kubwerera kunyumba. Sanakwiye. Anamanga kabukuko m'chitenje n'kunena kuti, “Nanga titani, boma nalonso ndi losauka.”

Mawu amenewo ndawaganizira kwa nthawi yaitali, chifukwa theka lake ndi loona. Boma lathu ndi losaukadi. Koma malamulo amene mayiko anagwirizana salola kuti umphawi ukhale yankho lotsekera nkhani, ndipo chifukwa chake n'chimene ambiri a ife sitinauzidwepo.

Tikamva mawu oti ufulu, ambiri timaganiza za kuvota, kuyankhula zakukhosi, kusamangidwa popanda mlandu. N'zomveka, poti ndiwo maufulu amene tinawalirira mpaka 1993 ndi 1994. Pali gulu lina la maufulu limene limakhudza mimba ndi denga: chakudya, madzi, thandizo la kuchipatala, sukulu, pokhala, ntchito ya malipiro oyenera. Awa ndiwo amatchedwa maufulu a za chuma ndi umoyo wa anthu. Analembedwa m'pangano limene bungwe la mgwirizano wa mayiko onse linavomereza mu 1966, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1976. Dziko la Malawi linalowa m'panganoli mu Disembala 1993, masiku omwewo amene tinkatuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi.

Amene ankalemba panganoli anakumana ndi vuto loonekeratu. Kuti boma lisiye kumenya akaidi sipafunika kudikira bajeti. Lingathe kusiya lero. Koma kuti mudzi uliwonse ukhale ndi chipatala chokhala ndi namwino ndi mankhwala, pafunika ndalama, zaka, ndi anthu ophunzira amene sapezeka tsiku limodzi. Ukalamula dziko ngati lathu kuti lichite zonsezi mawa, wangolemba lamulo loti liswedwe. Choncho mu gawo 2 la panganolo anaikamo kuti dziko lililonse lichitepo kanthu, ligwiritse ntchito chuma chonse chimene lingathe kupeza, kuti maufuluwa akwaniritsidwe pang'onopang'ono mpaka afike pathunthu.

Mawu oti “pang'onopang'ono” amenewa maboma anawakonda kwambiri, ndipo n'zosadabwitsa. Aliyense amene anakongozapo ndalama kwa mnzake amadziwa mmene mawuwa amamvekera akatuluka pakamwa pa wangongole. Pofika mu 1990, komiti ya akatswiri imene imayang'anira panganoli inaona kuti ikapanda kufotokoza, mawuwa asanduka bulangete lofunda maboma aulesi. Inatulutsa ndemanga yake yachitatu, imene mpaka lero ndiyo maziko a nkhaniyi.

Ndemangayo inati kufika kumapeto kwa ulendo kungatenge zaka, koma kunyamuka n'kwa lero lomwe, ndipo mapazi ake aoneke: pakhale ndondomeko yeniyeni, yolunjika pa vutolo, yokhala ndi ndalama zake. Inatinso kubwerera m'mbuyo mwadala, monga kutseka chithandizo chimene anthu anali nacho kale, boma liyenera kukufotokoza mokhutiritsa. Ndipo tsankho silidikira chuma. Ngati chimanga cha thandizo chilipo matumba 100 okha, kuchepa kwake si mlandu. Kuchigawa motsatira chipani kapena mtundu ndi kuswa pangano tsiku lomwelo.

Sukulu zathu za pulayimale zimaonetsa bwino mbali iyi. Boma litachotsa fizi mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi amene anali kunyumba anakhamukira kusukulu m'chaka chimodzi. Zipinda sizinakwane, ana anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambirimbiri amene anali asanapite kukoleji. Chaka chimenecho palibe akanati boma laswa pangano chifukwa cha kalasi ya pansi pa mtengo. Linali litaponya phazi lalikulu. Koma kalasi yomweyo ikakhala pansi pa mtengo womwewo patapita zaka 30, funso limasintha. Kuyenda pang'onopang'ono kumayezedwa poyerekeza pamene unali ndi pamene uli.

Mfundo imene inabweretsa mkangano waukulu ndi ina. Komitiyo inati pa ufulu uliwonse pali mlingo wotsikitsitsa umene boma siliyenera kulola anthu ake kugwera pansi pake. Dziko limene anthu ambiri ndithu alibe chakudya chofunikira pa moyo, thandizo loyambirira la kuchipatala, pogona, kapena maphunziro oyambirira, limaonedwa kuti lalephera udindo wake. Likafuna kudzikanira ndi umphawi, ndi ilo liyenera kuonetsa kuti linayesetsa ndi chilichonse chimene linali nacho, ndiponso kuti linaika zinthu zimenezi patsogolo pa zina zonse.

Pakhomo paliponse mfundoyi timaidziwa. Bambo amene sanakhome malata chaka chino palibe amamunena. Nyumba imamangidwa zokolola zikalola. Koma ana akagona ndi njala iye atagula wailesi yatsopano, ankhoswe safuna kumva za kuvuta kwa chaka. Amafunsa kuti wailesiyo yachokera kuti.

Papepala zimamveka bwino. Kuti tione pamene zimavutira, tiyenera kupita ku South Africa, chifukwa kumeneko maufuluwa analembedwa mwachindunji m'malamulo oyendetsera dziko a 1996, ndipo makhoti awo akhala akulimbana nawo kuposa ena ambiri. Gawo 26 la malamulowo limati aliyense ali ndi ufulu wopeza nyumba yoyenera, ndipo boma lichite zinthu zanzeru, molingana ndi chuma chimene lili nacho, kuti ufuluwo ukwaniritsidwe pang'onopang'ono.

Mayi Irene Grootboom ankakhala ku Wallacedene, dera la zisakasa kufupi ndi mzinda wa Cape Town. Kunalibe madzi okwanira, kunalibe zimbudzi zolongosoka, mvula ikagwa madzi ankadikha m'nyumba. Ambiri anali atalembetsa mayina kuti adzalandire nyumba zotsika mtengo za boma, ena atadikira zaka mpaka 7. Atatopa, mayiwa ndi anzawo, akuluakulu 390 ndi ana 510, anasamukira pamalo ena opanda anthu amene anali ndi mwini wake. Mwini malo anakatenga chilolezo kukhoti, ndipo mu Meyi 1999, nyengo yozizira ndi yamvula ikuyamba kumeneko, anawachotsa. Zisakasa zinagwetsedwa ndi thalakitala, zina kutenthedwa, katundu kuwonongeka. Kubwerera kumene anachoka sikunatheke, poti malo awo anali atalowa ena. Anakagona pabwalo la masewero la ku Wallacedene, atafunda mapulasitiki.

Nkhani itafika kukhoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, boma silinabwere chimanjamanja. Linali ndi ndondomeko yaikulu yomanga nyumba, ndalama zinalipo, nyumba zinkamangidwadi zambirimbiri. Mfundo yake inali yakuti aliyense adikire nthawi yake, chifukwa ukathandiza olanda malo ndiye kuti walanga amene anadikira mwaulemu pamzere. Mfundoyi si yopusa. Mbali inayo, mabungwe amene analowa m'nkhaniyi ngati abwenzi a khoti anakumbutsa za mlingo wotsikitsitsa uja: munthu asagone pamtetete, chimenecho chisadikire.

Chigamulo chinatuluka pa 4 Okutobala 2000, cholembedwa ndi woweruza Zak Yacoob. Khoti linakana kutchula mlingo wotsikitsitsa wa nyumba. Linati lilibe umboni wokwanira woti liudziwire, poti zosowa za anthu n'zosiyana: wina akusowa malo okha, wina malo ndi nyumba, wina ngongole yomangira, ndipo za m'tauni si za kumudzi. M'malo mwake linafunsa funso lina, loti kodi ndondomeko ya boma ndi yanzeru? Linapeza kuti ayi. Ndondomekoyo inkaganizira za nyumba zokhalitsa za zaka zikubwerazo, koma munalibe kalikonse kothandizira anthu amene lero lino alibe malo, alibe denga, ali pamavuto osapiririka. Khoti linati ndondomeko imene ikuonetsa ziwerengero zokoma koma yasiya kunja ovutikitsitsa siingatchedwe yanzeru, ndipo linalamula kuti boma likonze njira yothandizira anthu oterowo mwachangu.

Taonani chimene Mayi Grootboom anapata ndi chimene sanapate. Anapambana mlandu, dzina lawo likuphunzitsidwa m'sukulu za malamulo dziko lonse lapansi, ndipo mu 2004 boma linakhazikitsa ndondomeko ya nyumba za pangozi imene yathandiza anthu ena ambiri. Koma khoti silinanene kuti iwo apatsidwe nyumba. Linati ufulu wawo ndi woti pakhale ndondomeko yanzeru. Anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa.

Amene amaikira kumbuyo khotilo amati oweruza sanasankhidwe ndi anthu, sadziwa za bajeti, ndipo akayamba kugawa nyumba kwa amene afika kukhoti, ndiye kuti nyumba zizipita kwa odziwa maloya. Amene amalidzudzula amati ufulu umene sungathe kuutchula kukula kwake ndi wovuta kuufunsa, ndipo munthu wosauka sangadye ndondomeko. Ine ndimapendekera kwa odzudzulawo, ngakhale ndikuvomereza kuti kutchula nambala n'kovutadi.

Kuvuta kwake kunaonekera pa nkhani ya madzi ku Phiri, dera lina la ku Soweto. Dzinalo likungomveka ngati lathu, koma ndi la chinenero cha kumeneko. Mzinda wa Johannesburg unkapereka madzi aulere malita 6,000 pamwezi pa pulotti iliyonse, akatha mita yolipiriratu imatseka. Mawerengedwe ake anali akuti pakhomo pali anthu 8, choncho aliyense apeza malita 25 patsiku, kungoposa pang'ono ndowa imodzi ya malita 20. M'menemo amwe, aphikire, asambe, achape, athire kuchimbudzi. Ndiye tiyerekeze pulotti yokhala ndi alendi kuseri, anthu onse 20. Malita 6,000 omwewo akutanthauza malita 10 pamunthu patsiku, theka la ndowa. Anthu a ku Phiri anapempha malita 50 pamunthu. Khoti loyamba linavomera 50. Khoti la apilo linati 42. Khoti lalikulu lija, mu 2009, linati si ntchito ya khoti kutchula malita, ndipo ndondomeko ya mzinda ndi yanzeru. Makhoti atatu anapereka mayankho atatu pa funso loti munthu amafunika madzi ochuluka bwanji.

Kuno kwathu malamulo analembedwa mosiyana. Zakudya zokwanira ndi thanzi zili mu gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko, pa mndandanda wa mfundo zimene boma liyenera kutsata pang'onopang'ono, ndipo gawo 14 limati mfundozo ndi zolozera njira, ngakhale makhoti angathe kuziganizira pomasulira malamulo. Kunena mosabisa, sungapite kukhoti ndi gawo 13 lokha m'manja n'kuyembekeza zambiri. Chimene chili ndi mphamvu yokulirapo ndi gawo 25 la ufulu wa maphunziro, ndi gawo 30 la ufulu wa chitukuko, limene limatchula mwayi wofanana wopeza maphunziro, thandizo la kuchipatala, chakudya, pokhala ndi ntchito.

Chodabwitsa n'chakuti mlingo wotsikitsitsa unaluma kwambiri kwathu kuno pa anthu amene ambiri sawamvera chisoni. Mkaidi wina, a Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi onse a m'dziko muno. Anadandaula za kudya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo tsiku ndi tsiku, za kusowa zofunda ndi zovala, ndi za kuthithikana m'zipinda zopanda mpweya, momwe chifuwa chachikulu chinkafala mosavuta. Boma linayankha monga mmene mayi anga aang'ono analiyankhulira: ndalama palibe, ndipo kagawidwe ka ndalama ndi nkhani ya boma, khoti lisalowererepo.

Mu Novembala 2009 khoti linakana yankho limenelo. Chimene chinasiyanitsa nkhaniyi ndi ya Grootboom n'chakuti oweruza sanafunike kupeka mlingo. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa asungidwe mwaumunthu, ndipo pochepetsetsa apatsidwe chakudya chokwanira ndi thandizo la mankhwala, boma ndilo lilipire. Malamulo a ndende nawonso ali ndi mndandanda wa zakudya, zovala ndi zofunda zimene mkaidi ayenera kulandira. Khoti linati zimenezo ndi zochepetsetsa zimene lamulo linaika kale, ndipo boma silingakane kutsata lamulo lake lomwe ponena kuti lasauka. Ndi udindo wa Nyumba ya Malamulo kupereka ndalama zokwanira kuti lamulolo litsatidwe. Linapezanso kuti kuthithikanako ndi nkhanza zonyazitsa umunthu, n'kupatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka.

Apa m'pamene pagona phunziro la ntchito yeniyeni. Mlingo wotsikitsitsa umagwira ntchito pamene wina anaulemba m'njira yoti uwerengeke: magalamu a ufa, mabulangete, malita a madzi, mayina a mankhwala. Ukangokhala mawu okoma oti “zokwanira”, woweruza amaopa kuudzaza yekha. N'chifukwa chake mikangano yofunika kwambiri pa maufuluwa kawirikawiri sichitikira kukhoti. Imachitikira m'makomiti a Nyumba ya Malamulo ndi m'maofesi a maunduna, pamene anthu ochepa amalemba mindandanda imene enafe sitiiwerenga.

Ndiyenera kunenanso kuti miyezi 18 ija inadutsa kalekale, ndipo ndende zathu zikadali zodzaza kuposa mmene zinamangidwira. Chigamulo chabwino chimafuna wina wochilondola chaka ndi chaka, apo ayi chimagona mufayilo.

Tibwerere pawindo lija. Kodi kutha kwa mankhwala a mayi anga aang'ono kunali kuswa ufulu wawo? Tsiku limodzi lokha silikwanira kuyankha. Galimoto ikhoza kufa panjira, mlatho ukhoza kukokoloka. Chofunika kudziwa choyamba n'chakuti mankhwalawo ndi a mtundu wanji. Komiti ija, mu ndemanga yake ya za thanzi ya mu 2000, inaika mankhwala ofunikira kwambiri m'gulu la zinthu zosadikira, ndipo dziko lathu lili ndi mndandanda wakewake wa mankhwala oterowo, komanso wa chithandizo chimene chiyenera kupezeka mwaulere pa chipatala cha boma. Makina otsuka impso akasowa pachipatala chaching'ono, imeneyo ndi nkhani ya pang'onopang'ono. Mankhwala a malungo kapena a kuthamanga kwa magazi akasowa miyezi itatu motsatizana, tafika pansi penipeni, ndipo ndi boma liyenera kufotokoza.

Kufotokozako kuli ndi poyezera. Kodi chaka chino zinthu zili bwino kuposa zaka zisanu zapitazo, kapena zabwerera m'mbuyo? Kodi mankhwala akusowa paliponse mofanana, kapena akusowa kumudzi kokha pamene m'tauni alipo? Kodi ndalama zimene Nyumba ya Malamulo inavomereza zinatulukadi n'kufika, kapena zinathera panjira? Funso lomalizali ndi lowawa, chifukwa ndalama yobedwa inali chuma chimene dziko linali nacho. Dziko limene linaona mabiliyoni akutuluka ku Capital Hill mu 2013 kulipira katundu amene sanabwere limavutika kunena ndi nkhope yowongoka kuti linagwiritsa ntchito zonse zimene likanatha. Pali ngakhale muyeso umene atsogoleri a mu Africa anadziikira okha ku Abuja mu 2001, woti 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. Si lamulo loti ungasumire nalo, koma ndi nambala, ndipo nambala imatheka kuiyerekeza ndi bajeti imene nduna ya zachuma imawerenga chaka chilichonse.

Mafunso amenewa safuna loya. Pafupifupi chipatala chilichonse chaching'ono chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'deralo, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi kuonerera mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto. Kusitolo ya mankhwala kumakhala makhadi olembapo zimene zalowa, zimene zatuluka ndi tsiku limene chinthu chinatha. Komiti imene yalemba kuti mankhwala akutiakuti anasowa masiku 70 pa masiku 90 ili ndi chinthu chimene ingapite nacho kwa mkulu wa zaumoyo wa boma lawo, kwa phungu, ku ofesi ya Ombudsman kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu. Dandaulo loti “mankhwala amasowasowa” limayankhidwa ndi mawu oti “tikuyesetsa”. La masiku 70 limafuna yankho lina.

Mayi anga aang'ono ndinawagulira mankhwalawo kutauni n'kuwatumizira pa minibasi. Mwezi wotsatira anapitanso kuchipatala kuja, anapeza abwera, anawapatsa a masabata awiri m'malo mwa mwezi wathunthu kuti ena apezeko. Nditawafunsa ngati akudziwa amene ali m'komiti ya pachipatalapo, anaseka. Wapampando wake ndi mlamu wawo, ndipo amakhala naye moyandikana mutchalitchi Lamulungu lililonse.